Dzuwa sililowa m'nyanja ku Senga Bay

Pali bodza limodzi limene limayenda kwambiri pansi pa zithunzi za kunyanja, ndipo olinenawo sadziwa n'komwe kuti akunama. Chithunzi chikuonetsa dzuwa lili psuu pamwamba pa madzi, kachilumba ka Namalenje kali chapatali, mchenga wa ku Senga Bay uli patsogolo. Wojambula mwiniwake akudziwa kuti analawira m'mamawa, tulo tili m'maso, kuti achipeze chithunzicho. Koma chikangochoka m'manja mwake n'kuyamba kuyenda pa mafoni a anthu, pa kalendala kapena pa chikalata choitanira anthu ku ukwati, wina amachilembera pansi kuti dzuwa likulowa m'nyanja yathu yokongola.

Ku Senga Bay dzuwa sililowa m'nyanja. Gombe la kumeneko linayang'ana kum'mawa, choncho dzuwa limatulukira m'madzi ndipo madzulo limakalowera kumtunda, kumbuyo kwa munthu amene akuyang'ana nyanja. N'chimodzimodzi ku Nkhotakota, ku Chintheche, ku Nkhata Bay mpaka ku Karonga, chifukwa gombe lalikulu la mbali ya Malawi lili kumadzulo kwa nyanja. Wofuna kuona dzuwa likulowera kumadzi ayenera kupita kumene gombe linatembenuka, monga ku Chembe ku Cape Maclear, kwa Makanjira tsidya la kum'mawa m'boma la Mangochi, kumbali ya kumadzulo kwa zilumba za Likoma ndi Chizumulu, kapena ku Metangula ndi ku Cobue m'dziko la Mozambique.

Ndayambira pamenepa chifukwa anthu ambiri akafuna kulemba mawu andakatulo pansi pa chithunzi, amene achinyamata amangoti kapishoni, amaganiza kuti vuto lawo ndi kusowa mawu okoma. Kawirikawiri vuto limakhala loti sanachiyang'ane chithunzicho. Mawu otopetsa aja amabwera pamene maso aleka kugwira ntchito, pakamwa n'kuyamba kulankhula zimene panazolowera.

Mawu amene anatha ntchito

Tonse tikuwadziwa. Dzuwa lagolide. Nyanja ya nyenyezi. Paradaiso wa pansi pano. Mtima wofunda wa Afirika. Chilengedwe n'chodabwitsa. Tsiku lapita, mawa ndi lina. Palibe bodza lalikulu m'mawu amenewa, ndipo ena mwa iwo anali ndi moyo pa nthawi yake. Za nyanja ya nyenyezi zija amati anayambitsa ndi David Livingstone, amene anafika panyanjayi mu 1859, ataona nyali za asodzi zikuthwanima pamadzi usiku. Ngati zinalidi choncho, munthuyo anaona kanthu ndi maso ake n'kukapatsa dzina. Ife lero timalemba mawu omwewo pansi pa chithunzi cha masana, chopanda nyenyezi ngakhale nyali imodzi. Mawuwo afanana ndi chitenje chimene chachapidwa mpaka maluwa ake osaonekanso: chikadali chitenje ndithu, koma palibe amene angacheuke kuti achione.

Njira yodziwira kuti mawu anu ndi otha ntchito ndi yapafupi. Achotseni pansi pa chithunzi chanucho, muwaike pansi pa chithunzi china chilichonse cha dzuwa ndi madzi, kaya ndi cha ku Chilwa, ku Kariba kapena ku Beira. Akakhala bwinobwino pamenepo osasowa mtendere, ndiye kuti sanali a chithunzi chanu. "Chilengedwe n'chodabwitsa" akhoza kukhala pansi pa phiri la Mulanje, pansi pa mwana wakhanda, ngakhale pansi pa dzungu lalikulu la kudimba. Mawu okhala paliponse chonchi sanena kanthu za malo amene munaimapo.

Palinso chifukwa china chimene zithunzi za dzuwa zimasowera thandizo la mawu kuposa zithunzi zina. Mukaloza foni kumene kuli dzuwa, kamera imayeza kuwala kwa kumwambako n'kudzichepetsa kuti thambo lisayere mbuu. Zotsatira zake n'zakuti zonse za pansi zimada bii. Anthu amasanduka zithunzithunzi zopanda nkhope, mabwato amakhala timizere takuda, mchenga ndi maukonde zimamira mumdima. Kuwonjezera apo mafoni ambiri amakoleza okha mitundu, kufiira kuja n'kufiirirapo. N'chifukwa chake chithunzi cha ku Chembe chimafanana ndi cha ku Likoma, ndipo cha ku Likoma chimafanana ndi cha kunja. Kamera yafufuta zimene zimasiyanitsa malo ndi malo. Ntchito ya mawu a pansi ndi kubweza zimene zafufutidwazo, komanso zimene kamera singagwire ngakhale itafuna: mphepo, fungo, phokoso, mwezi wa pachaka, ndi ntchito imene anthu akudawo akugwira.

Apa ndiye pamene ambiri amaphonya. Amabwereza zimene chithunzi chanena kale. Woona akuona yekha kuti dzuwa ndi lofiira ndipo madzi akunyezimira. Mukamuuzanso zomwezo, mwamutenga ngati wakhungu.

Zimene nyanja imanena pa mwezi uliwonse

Munthu wa kunyanja akaona chithunzi, nthawi zambiri amatha kukuuzani nyengo imene chinajambulidwa. Wolemba mawu a pansi pa chithunzi akadziwa pang'ono zimene munthu ameneyu amadziwa, sasowanso chonena.

Tiyambe ndi dzuwa lenilenilo. Mu Sepitembala ndi mu Okutobala, mlengalenga mumadzaza utsi wa lupsa ndi fumbi la chilimwe. Dzuwa likatsika, kuwala kwake kumadutsa mumpweya wochuluka kuposa masana, ndipo mpweyawo umamwaza kuwala kobiriwira ngati thambo n'kusiya kofiira kuti kufike m'maso mwathu. Utsi ndi fumbi zikachuluka, dzuwa limasanduka mbale yofiira yopanda malirime, yoti mukhoza kuiyang'ana kwa kanthawi osatsinzina, ndipo masiku ambiri limazimiririka mu utsimo lisanafike pamadzi kapena pamapiri. Nyengo ya dzinja n'zosiyana. Mvula imakhala itatsuka mlengalenga, mapiri a tsidya amaoneka ngati ayandikira, ndipo kufiira kumagwira mitambo. Wolemba "dzuwa lagolide" pa zonse ziwirizi wataya kusiyana kumene kukanamupatsa ndakatulo.

Nthawi nayo imasintha. Mu Juni dzuwa limalowa itangopitirira pang'ono 5 koloko, cha m'ma 5:20, pamene mu Januwale limadikira mpaka 6 koloko itadutsa. Malo olowera amasunthanso, mu Juni limapendekera chakumpoto, mu Disembala chakum'mwera. Ndipo kwathu kuno chisisira sichichedwa, chifukwa dzuwa likangolowa, theka la ola lisanathe kumakhala kutada. Amene amalemba za madzulo ataliatali oyenda pang'onopang'ono akulemba za mayiko ozizira akutali amene anawawerenga m'mabuku.

Kenaka mphepo, imene kwa ine ndiyo chuma chachikulu cha wolemba za kunyanja, chifukwa ili ndi mayina ndipo sioneka pachithunzi. Mwera umaomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa m'miyezi yozizira, makamaka Juni, Julayi ndi Ogasiti. Ukalimba umautsa mafunde oti bwato silingayerekeze, asodzi n'kukhala pamtunda masiku angapo akusoka maukonde, nsomba n'kusowa pamsika. Mpoto umachokera kumpoto ndipo umabwera ndi nyengo yotentha ndi yamvula. Mukangotchula dzina la mphepo, munthu wa ku Nkhotakota amene ali ku Joni kapena ku Mangalande amamva kuzizira kwake pakhungu. Mawu oti "kamphepo kayeziyezi" sangachite zimenezo, chifukwa anagwiritsidwa ntchito m'nyimbo ndi m'makalata achikondi mpaka anasiya kuomba.

Taonani chithunzi ichi: mabwato ali ndandanda pamchenga ku Nkhotakota, thambo lili lotuwa, mafunde akutuluka thovu. Wina angalembe kuti nyanja yakwiya. Si zoipa, koma nyanja yakwiyapo kale m'ndakatulo zambirimbiri za ana asukulu. Tayesani izi:

Mwera wa Julayi.
Mabwato agona pamchenga, mtengo wa usipa wadzuka.

Mzere woyamba wapereka mphepo ndi mwezi. Wachiwiri watenga woona kuchoka pagombe n'kumufikitsa kumsika, kumene mwera umamukhudza ngakhale akukhala ku Ndirande. Kugona ndi kudzuka kwayang'anizana, ndipo ndi pomwepo pali kandakatulo konse. Palibe liwu lakuti "kokongola" kapena "koopsa".

Palinso nkhungu, tizilombo touluka tija timene timatuluka m'madzi tili tambirimbiri mpaka kuoneka ngati utsi wa moto woyaka pakati pa nyanja. Timaoneka kwambiri chakumpoto, monga ku Nkhata Bay ndi ku Likoma, ndipo mphepo ikatikankhira kumtunda anthu amatigwira n'kupanga zikondamoyo zakuda zodyera nsima. Mlendo akajambula mtambo umenewu amalemba kuti "zodabwitsa za m'nyanja". Mwana wa pomwepo angalembe kuti:

Si utsi uwo, ndi ndiwo zikubwera.

Mzere umodzi wokha, koma wayankha funso limene woona anali nalo, wamuseketsa, ndiponso wamuphunzitsa kanthu.

Chithunzi cha ku Chembe

Tsopano titenge chithunzi chimodzi tichigwirire ntchito kuyambira poyamba. Tinene kuti chajambulidwa ku Chembe mu Okutobala. Mudziwu uli mkati mwa dera la paki ya Lake Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Koma anthu a pamudzipo ndi asodzi, ndipo gombe lawo ndi malo a ntchito. Pachithunzipo dzuwa ndi mbale yofiira ija, lili m'mwamba pang'ono pambali pa chilumba cha Thumbi, pansi pake pali chimtambo chotuwa cha utsi. Chapafupi pali boti lamatabwa la injini, ndipo anyamata akukwezapo mabwato mopingasa. Kutsogolo kwenikweni kukuoneka nsonga za mathandala oyanikapo nsomba.

Mawu oyamba kubwera m'mutu amakhala ngati awa:

Dzuwa lagolide likupsompsona nyanja yathu yokongola pamene asodzi akubwerera kwawo. Chilengedwe n'chodabwitsa!

Tiwaone limodzilimodzi. Dzuwalo si lagolide, ndi lofiira. Silikukhudza madzi, ndipo silikhudza n'komwe tsiku limenelo chifukwa utsi ulibisa lisanafike. Kupsompsona kuja n'kobwereka, ndipo munthu akakuwerenga mokweza pamaso pa agogo ake amadzimva yekha kuti sakulankhula Chichewa cha kwawo. "Yokongola" ndi chigamulo chimene woona akanapereka yekha. Koma cholakwika chachikulu ndi cha asodzi. Anthuwa sakubwerera kwawo ayi, akunyamuka.

Usipa amaupha usiku ndi ukonde wa chilimira. Boti la injini limanyamula mabwato kupita nawo pakati, ndipo mmodzi mwa asodziwo, amene amamutcha siginala, amakhala m'bwato lokhala ndi nyali. Kale zinali nyali za parafini zopopa, masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito mababu oyendera batire. Usipa ukasonkhana pa kuwalako, siginala amaukokera pang'onopang'ono pamene anzake atchera ukonde, iwo n'kukoka. Ntchito imeneyi imafuna mdima, n'chifukwa chake mwezi ukakhala wathunthu ambiri amapuma popeza nyali sizikoka nsomba. Amabwerako usiku kwambiri kapena mbandakucha. Choncho dzuwa limene mlendo akulitsanzika ndi foni m'manja, kwa anyamata aja ndi belu loyambira ntchito.

Mukafika pamenepa, musathamangire ndakatulo. Yambani mwalemba zoona zokhazokha, mouma, ngati mtolankhani:

Chembe, Okutobala. Asodzi a usipa akunyamuka dzuwa likulowa mu utsi.

Awa ndi abwino kale kuposa oyamba aja, ndipo mukatopa mukhoza kulekera pomwepa osachita manyazi. Koma tikufuna kandakatulo. Funso lofunika kudzifunsa ndi lakuti, pa zoona zimene ndalembazi, n'ziti ziwiri zimene zikukokana? Pano zilipo. Kwa woona tsiku likutha, kwa msodzi likuyamba. Ndakatulo yaifupi nthawi zambiri imaima pa kukokana kotereku, monga momwe kugona ndi kudzuka zinachitira pa chithunzi cha mwera chija. Tiyese:

Utsi wa lupsa wameza dzuwa lisanafike pamadzi, ndipo anyamata a usipa akukweza mabwato awo chifukwa kwa iwo tsiku likuyamba kumene.

Ganizo lapezeka, koma chiganizo chalemera. Chikufotokoza zonse, osasiyira woona kanthu koti atole yekha. "Ndipo" ndi "chifukwa" ndi mawu a m'kalata. Kukweza mabwato kukuoneka kale pachithunzi. "Lisanafike pamadzi" nakonso kukuoneka. Tikadula zonsezo patsala izi:

Utsi wa lupsa wameza dzuwa.
Kwa a usipa, kwacha.

Mzere woyamba uli ndi maphatikizo 10, wachiwiri 7. Yonse ikutha ndi mpweya umodzi. "Lupsa" lanena mwezi popanda kuutchula. "A usipa" ndi momwe anthu amatchulirana okhaokha, ndipo liwu lomaliza latembenuza chithunzi chonse, madzulo asanduka m'mawa. Kumeza dzuwa si mawu achilendo, alakatuli ambiri anaimezetsapo nyanja dzuwa. Pano ndawasiya chifukwa womezayo ndi utsi, ndipo zimenezo n'zimene zikuchitikadi pachithunzipo.

Pali kamsampha pa liwu lomalizalo. "Kwacha" ndi dzina la ndalama yathu, zomwe zikugwirizana bwino ndi usipa, koma ndi mfuu ya chipani chandale kuyambira masiku omenyera ufulu. M'nyengo ya kampeni wina adzaliwerenga mwandale, mufune musafune. Ngati simukufuna zimenezo, lembani kuti "Kwa a usipa, kukucha kumene." Mphamvu ichepa pang'ono, koma mugona tulo. Pansi pake, m'zilembo wamba, onjezani malo ndi nthawi: Chembe, Okutobala. Dzina la malo likakhala padera chonchi, ndakatulo imapepukidwa, ndipo chithunzi chikayenda kutali sichisochera.

Kamvekedwe ka Chichewa

Mawu a pansi pa chithunzi amawerengedwa ndi maso, koma khutu limamvabe. Chichewa chili ndi kayendedwe kake kamene wolemba ayenera kukamvera. Tikafika kumapeto kwa chiganizo timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, monga mukunenera "dzuwa" kapena "nyanja" mukapumira pomwepo. Ndiye kuti liwu lomaliza la mzere limalemera kuposa onse. Liwu limene mukufuna kuti litsale m'mutu mwa woona liikeni pamenepo. Mukamaliza ndi "kwambiri", "zedi" kapena "ndithu", mwapereka mpando wa mfumu kwa liwu lopanda kanthu.

Ena amalimbana kuti mizere ithere mofanana. Ine sindiona phindu lake. Mawu athu onse amathera ndi lembo la liwu, ndipo aneni ambiri amathera ndi a, kotero kufanana kwa kumapeto kumabwera kokha popanda luso lililonse. Woti wakakamira amayamba kusankha liwu chifukwa cha mchira wake, tanthauzo n'kutsalira m'mbuyo. Nyimbo yeniyeni ya Chichewa ili kumayambiriro kwa mawu, m'agwirizanitsi amene amabwerezabwereza okha. Tamverani: "timabwato tating'ono tatsala tokha". Palibe amene wavutikira kuti ta ndi ti zimveke kanayi, chiyankhulo chapereka chokha. Ntchito yanu ndi kungozindikira pamene zachitika n'kusaziwononga.

Mvekero ndi chida china chimene tili nacho chochuluka. Psuu, phee, bii, chubwi, waliwali. Liwu limodzi lotere limagwira ntchito ya afotokozi atatu. "Nyanja ili phee" imamveka kuposa "nyanja ndi yabata kwambiri ndi yamtendere". Koma mvekero ndi waukali, umodzi ndi wokwanira. Mukaika psuu ndi phee ndi waliwali m'mizere iwiri, zimamveka ngati nthano ya ana. Ndiponso kumbukirani zija tanena kale, kuti psuu akungobwereza zimene diso laona. Mvekero wa phindu ndi wa zimene chithunzi sichingagwire, monga chubwi wa mwana amene wadumphira m'madzi kuchoka pamwala, kapena phee wa m'mawa umene mwera waleka.

Nanga miyambi? Imakoka mtima chifukwa imaoneka yanzeru ndiponso yakwathu. Koma mwambi woikidwa pansi pa dzuwa popanda chochititsa nawonso ndi mawu obwereka, angosiyana ndi "paradaiso" chifukwa ndi akale. Chimodzimodzi mavesi a m'Baibulo. Sindikutsutsa munthu amene akufuna kutamanda Mlengi ataona nyanja, ndi ufulu wake ndipo n'zomveka. Kungoti asadzinamize kuti walemba ndakatulo. Ngati kutamandako kukuchokera mumtima, kudzamveka bwino kukatchula chinthu chenicheni chimene chamugwira mtima, kaya ndi kulira kwa nkhwazi ziwiri zikuyankhana pamtengo wa pachilumba, kaya ndi tinsomba ta mbuna tikuzungulira mapazi ake pamiyala.

Chenjezo lina laling'ono ndi la maliro. Pa mapepala a mwambo wa maliro masiku ano anthu amalemba tsiku lobadwa ngati kutuluka kwa dzuwa, tsiku lomwalira ngati kulowa kwake. Choncho mukaika chithunzi cha madzulo n'kulemba mawu awiri okha oti "Dzuwa lalowa", musadabwe azakhali akaimba foni kufunsa kuti watisiya ndani.

Anthu a pachithunzi

Gombe ndi bafa, ndi pochapira, ndi potsukira mbale, ndi msika. Amayi amene aoneka ngati zithunzithunzi zakuda pamadzi ofiira ndi anthu oti ali ndi mayina, ndipo mwina akusamba. Pemphani musanajambule, ndipo akakana, kanani nanunso. Koma ngakhale atalola, mawu anu akhoza kuwalakwira. Alipo mawu amene alendo amakonda, ndipo ife a m'tauni tawatengera: "moyo wosalira zambiri", "osauka koma osangalala", "kuno nthawi inaima". Msodzi amene ali ndi ngongole ya mafuta a injini, amene akuwerengera ngati usipa wa usiku uno ubweze ndalama ya batire, nthawi sinamuimire. Mawu otere amamusandutsa chokongoletsera chithunzi.

Njira yopewera zimenezi ndi yomwe ija, kutchula ntchito imene munthuyo akugwira. Tibwerere ku gombe loyang'ana kum'mawa, m'mamawa, pamene maboti akubwerako ndipo amayi ogula nsomba aima m'madzi ofika m'mawondo. M'malo mwa "amayi a kunyanja, mphamvu ya Afirika", tayesani:

Mabeseni afika dzuwa lisanafike.

Amayiwo sanatchulidwe, koma aliyense waona kuti analawira, ndipo waona chimene analawirira. Ulemu wawo uli m'kulawirako.

Ngati munacheza nawo, nthawi zina mawu abwino koposa amakhala amene iwo anena. Msodzi akayang'ana kuthambo n'kunena maganizo ake za mphepo ya mawa, kapena mayi akadandaula za mtengo wa chigoba cha usipa tsiku limenelo, mawu amenewo amakhala ndi mchere umene inu simungaupeke muli pakhonde la malo ogona alendo. Mufunseni ngati akulola kuti muwalembe, ndipo muwalembe momwe wanenera, ngakhale atasakaniza Chiyao ku Mangochi kapena Chitonga ku Nkhata Bay. Musawakonze kuti amveke ngati a m'buku.

Za kutalika, mizere iwiri ndi yokwanira, itatu ikachulukitsa. Woona chithunzi pa foni amakhalapo kanthawi kochepa, chala chili kale m'njira yopita ku china. Pa kalendala kapena m'magazini malo ake amakhalanso ochepa. Mukaona kuti ganizo lanu likufuna mizere isanu ndi umodzi, ndiye kuti mwapeza ndakatulo yoima payokha, ilembeni padera, chithunzicho muchipatse mzere umodzi wotengedwa m'menemo. Zizindikiro zofuula zitatu ndi tizithunzi ta mitima ndi moto sizionjezera mphamvu pa mawu ofooka, zimangoonetsa kuti wolemba mwiniyo sakuwakhulupirira.

Ndipo si chithunzi chilichonse chimene chimafuna ndakatulo. Masiku ena munthu umayang'ana, n'kufunsa dzina la mphepo, n'kufufuza zokokana, koma osapeza kanthu. Zikatero musabwerere ku golide ndi paradaiso. Lembani dzina la doko ndi mwezi umene munajambula, mutsimikize ngati kunali m'mawa kapena madzulo, n'kutumiza chithunzicho.